Kapezedwe ka yankho la arcsin(sin x) pamene kakyuleta ikukana kubweza ngodya yanu

Tengani kakyuleta, mulembe `sin 150` ndi kudina `=`. Ikupatsani 0.5. Tsopano dinani `SHIFT` kenako `sin`, ndiko kuti arcsin, muike 0.5 yomweyo. Yankho likutuluka 30. Munalowa ndi madigiri 150, mwatuluka ndi madigiri 30, ndipo kakyuletayo sinawonongeke ayi. Ophunzira ambiri amagwa pamenepa chifukwa anauzidwa kuti arcsin imafufuta zimene sin yachita, monga momwe kuchotsera kumafufutira kuphatikiza. Imafufutadi, koma pa ngodya za pakati pa −90° ndi 90° pokha. Ngodya ikakhala kunja kwa malire amenewa, arcsin imakupatsani ina yokhala ndi sin yofanana nayo. Malangizowa akusonyezani momwe mungadziwire ngodya inayo musanadine batani lililonse.

## Zofunika kukhala nazo

- Kakyuleta ya sayansi yokhala ndi mabatani a `sin`, `cos`, `tan` ndi `SHIFT`. Pa makakyuleta ena batani limeneli amalilemba `2ndF` kapena `INV`.
- Pepala, pensulo ndi rula.
- Wotchi ya mivi, kapena chithunzi chake chojambula papepala, manambala 1 mpaka 12 ali m'malo mwake.

Dziwaninso kuti `arcsin`, `sin⁻¹` ndi `ASIN` ndi mayina atatu a chinthu chimodzi. Kakyuleta imalemba `sin⁻¹`, mabuku ena amalemba `arcsin`, mapulogalamu a pakompyuta amalemba `ASIN` kapena `asin`.

## Sitepe 1: Jambulani wotchi, mulembepo madigiri

Jambulani nkhope ya wotchi, ndipo mudutsitse mzere wogona kuchokera pa 9 kufika pa 3. Ngodya timayamba kuziwerenga pa 3 koloko, ndiye 0°, ndipo timayenda mosemphana ndi mivi ya wotchi. Kuchoka pa nambala imodzi kufika pa inzake ndi madigiri 30. Choncho pa 2 koloko ndi 30°, pa 1 koloko ndi 60°, pa 12 ndi 90°, pa 10 ndi 150°, pa 9 ndi 180°, pa 6 ndi 270°. Mukayenda chotsika kuchokera pa 3, motsatana ndi mivi, ngodya zimakhala za mainasi: pa 4 koloko ndi −30°, pa 6 ndi −90°. Malo a pa 6 ali ndi mayina awiri, 270° ndi −90°, ndipo onse ndi oona.

Tinene kuti muvi wa wotchiyo ndi wotalika 1. Apa sin ya ngodya ndi msinkhu wa nsonga ya muvi, kuyeza kuchokera pa mzere wogona uja. Muvi ukaloza pa 12 msinkhu ndi 1, ukaloza pa 3 kapena pa 9 msinkhu ndi 0, ukaloza pa 6 msinkhu ndi −1.

Ikani rula mogona pa 2 koloko. Muona kuti mbali inayo yagunda pa 10. Malo awiriwa ali pa msinkhu umodzi, theka la muvi, n'chifukwa chake sin 30° ndi sin 150° zonse zili 0.5. Nambala ya 0.5 imangonena msinkhu basi. Siinena ngati muvi unali kumanja kapena kumanzere, siinenanso kuti unazungulira kangati usanaime. Zonsezo zimatayika pomwe mwadina `sin`, ndipo palibe batani limene lingazibweze.

Chenjezo: musayambire kuwerenga pa 12. Kuyambira pamwamba n'kuyenda motsatana ndi mivi ndi kawerengedwe ka mabeyaring'i a pamapu. Mukasakaniza ziwirizi, sin ndi cos zisinthana malo.

## Sitepe 2: Detsani theka la kumanja

Mukafunsa kuti ndi ngodya iti imene sin yake ili 0.5, mayankho ndi osatha: 30°, 150°, 390°, 510°, −210° ndi ena otero. Koma batani la kakyuleta liyenera kutulutsa nambala imodzi. Ndiye akatswiri a masamu anagwirizana kuti arcsin izisankha yankho lake mu theka la kumanja la wotchi, kuyambira pa 6 kukwera kudzera pa 3 mpaka pa 12, ndiko kuti −90° mpaka 90°.

Theka limeneli silinasankhidwe mwachisawawa. Muvi ukamakwera kuchoka pa 6 kufika pa 12, umadutsa msinkhu uliwonse wa pakati pa −1 ndi 1 kamodzi kokha, osabwereza, osadumphanso wina. Theka la kumanzere nalo likanatha kugwira ntchitoyi, kungoti la kumanja ndi limene lili ndi ngodya zing'onozing'ono za 0° mpaka 90° zomwe timakumana nazo m'mathirayango tsiku ndi tsiku.

Detsani theka limenelo ndi pensulo. Uwu ndiwo mpanda wa arcsin. Chimene mungaike mu arcsin ndi nambala ya pakati pa −1 ndi 1, ndipo chimene chingatuluke ndi ngodya ya mkati mwa mpanda. Mukaona yankho la arcsin lili 150° kapena 200° papepala lanu, dziwani kuti lalakwika musanayang'ane n'komwe mmene munawerengera.

## Sitepe 3: Onani ngati funso lili m'madigiri kapena m'marediyani

Yang'anani pamwamba pa sikirini ya kakyuleta. Pali kachilembo kakang'ono: `D` kapena `DEG` ndi madigiri, `R` kapena `RAD` ndi marediyani, muyeso wina wa ngodya momwe π imafanana ndi 180°. Kachilemboka kagwirizane ndi funso. Ngodya ikalembedwa ndi kachizindikiro ka °, ndi madigiri. Ikalembedwa ndi π, kapena ngati nambala yopanda chizindikiro chilichonse, ndi marediyani.

Kusiyanaku si kwamasewera. Lembani `sin⁻¹(sin 3)` kakyuleta ili pa `D`, ibweza 3, poti madigiri atatu ali mkati mwa mpanda. Isintheni ikhale pa `R`, mulembenso zomwezo, ibweza 0.1416. Marediyani atatu ndi pafupifupi madigiri 172, kufupi ndi 9 koloko, kunja kwa mpanda. Funso limodzi, mayankho awiri, ndipo cholekanitsa ndi kachilembo kamene ambiri sakayang'ana.

Ngati mukugwira ntchito m'marediyani, lembani manambala awa pambali pa pepala:

- `π/2 ≈ 1.571` (90°)
- `π ≈ 3.142` (180°)
- `3π/2 ≈ 4.712` (270°)
- `2π ≈ 6.283` (360°)

## Sitepe 4: Chotsani maulendo athunthu

Muvi ukazungulira kamodzi, madigiri 360, umabwerera pomwe unali, ndipo msinkhu wake susintha. Choncho chotsani 360° pa ngodya yanu, kapena muphatikize 360° ngati ili ya mainasi, mobwerezabwereza kufikira itagwera pakati pa −90° ndi 270°.

Mwina munazolowera kutsitsa ngodya kuti ikhale pakati pa 0° ndi 360°. Pa ntchito ino ndi bwino kuimira pa −90° mpaka 270°, chifukwa mukatero wotchi imagawika pawiri ndendende: −90° mpaka 90° ndi kumanja, 90° mpaka 270° ndi kumanzere. Mutsala ndi funso limodzi lokha loti muyankhe, m'malo mwa zigawo zinayi zoti muloweze.

Tiyese ndi 1000°. Kuchotsa 360 kukutsala 640, kuchotsanso kukutsala 280. Ambiri amaima apa poona kuti 280 yachepera 360, koma ikadali pamwamba pa 270. Chotsaninso kachitatu, mupeza −80°.

Chenjezo: pa sin timachotsa 360°, osati 180°. Kuchotsa 180° kumapititsa muvi tsidya lina la wotchi modutsa pakati, ndipo msinkhu umatembenuka, wa pamwamba kukhala wa pansi. sin 210° ili −0.5 pomwe sin 30° ili 0.5.

## Sitepe 5: Ngati muvi uli kumanzere, uwolotseni mogona

Tsopano yang'anani pomwe ngodya yagwera. Ikakhala pakati pa −90° ndi 90°, mwamaliza, yankho ndi yomweyo. Ndiye arcsin(sin 1000°) ndi −80°.

Ikakhala pakati pa 90° ndi 270°, muvi uli kumanzere, ndipo muyenera kupeza mnzake wa kumanja wofanana naye msinkhu. Ndi zomwe munachita ndi rula muja. M'manambala, chotsani ngodyayo pa 180°:

`arcsin(sin x) = 180° − x`, pamene x ili pakati pa 90° ndi 270°.

Chifukwa chake chikuoneka pa wotchi. Ngodya ya 150° yatsala ndi madigiri 30 kuti ifike pa 9 koloko, ndipo ili pamwamba pa mzere. Mnzake wa kumanja ayenera kukhala madigiri 30 pamwamba pa 3 koloko. 180 − 150 ndi 30.

Pamene anthu amakayikira ndi pa ngodya zopitirira 180°. Tengani 200°. Kuchotsa 200 pa 180 kukupereka −20, ndipo wophunzira akaona mainasi amaganiza kuti waphonya, n'kutembenuza kuti akhale 200 − 180 = 20. Musatero. Ngodya ya 200° yadutsa 9 koloko n'kutsika madigiri 20 kunsi kwa mzere, ndiye mnzake wa kumanja ayeneranso kukhala kunsi, pa −20°. Kakyuleta ikuvomereza: sin 200° ili −0.342, ndipo sin⁻¹ ya −0.342 ili −20°.

## Chitsanzo chathunthu m'marediyani: arcsin(sin 10)

Funso ili limawoneka losavuta moti dzanja limafuna kungolemba 10. Koma mpanda wa arcsin m'marediyani ndi −1.571 mpaka 1.571, ndipo 10 ili kutali kwambiri.

Palibe kachizindikiro ka °, ndiye ndi marediyani. Tiyenera kuitsitsa kuti igwere pakati pa −1.571 ndi 4.712. Kuchotsa ulendo umodzi, 10 − 6.283, kukutsala 3.717. Yalowa. Tsopano 3.717 yaposa 1.571, kutanthauza kuti muvi uli kumanzere. Yaposanso 3.142, ndiye uli kunsi kwa mzere, ndipo tikudziwiratu kuti yankho likhala la mainasi. Tiwolotse: 3.142 − 3.717 = −0.575.

Ngati funso likufuna yankho lenileni, losadulidwa madesimo, bwerezani masitepe omwewo π ili chilembere:

`π − (10 − 2π) = 3π − 10`

Samalani ndi mabulaketi pamenepa. Mainasi ya kutsogolo imatembenuza zonse za mkati, ndiye −2π imasanduka +2π. Mukaiwala mupeza −π − 10, pafupifupi −13.14, nambala yomwe singakhale yankho la arcsin ngakhale pang'ono.

Njira yomweyi ikufotokoza 0.1416 ija ya pa sitepe 3: ndi π − 3. Ndipo arcsin(sin 5π/6) ndi π − 5π/6, yomwe ndi π/6.

## Sitepe 6: Tsimikizani ndi mafunso awiri

Musanasiye yankho, lifunseni ziwiri. Kodi lili mkati mwa mpanda? Kodi sin yake ikufanana ndi sin ya ngodya imene munayamba nayo, ndi chizindikiro chomwe? Pa chitsanzo chathu, −0.575 ili pakati pa −1.571 ndi 1.571, ndipo sin 10 ndi sin(−0.575) zonse zikupereka −0.544. Ngodya yokwaniritsa ziwirizi imakhala imodzi yokha, choncho zikatheka zonse palibenso chokayikitsa.

## Nanga arccos ndi arctan?

Ntchito yake ndi yomweyi, mpanda ndi umene ukusintha. cos imayeza kutalikira kwa nsonga ya muvi kumanja kapena kumanzere kwa pakati, ndiye arccos imatenga theka la pamwamba, 0° mpaka 180°. Tsitsani ngodya igwere pakati pa 0° ndi 360°. Ikaposa 180°, ichotseni pa 360°. Motero arccos(cos 250°) ndi 110°, ndipo arccos(cos(−40°)) ndi 40°. Yankho la arccos silikhala la mainasi.

arctan imatenga theka la kumanja ngati arcsin, koma 90° ndi −90° zenizenizo sizilowa, poti tan ilibe yankho pamenepo. Apa ndi pomwe kuchotsa 180° kumaloledwa, chifukwa tan imabwereza pa madigiri 180 aliwonse. arctan(tan 120°) ndi 120° − 180°, ndiye −60°.

## Pamene mpandawu umadyera anthu mamalikisi: lamulo la sin m'thirayango

Wophunzira wa MSCE akhoza kunena kuti funso la arcsin(sin x) sanalionepo. Amakumana nalo ndithu, kungoti limabwera litabisala m'thirayango.

Tengani thirayango ABC momwe ngodya A ili 30°, mbali a yoyang'anizana nayo ili masentimita 5, ndipo mbali b ili masentimita 8. Tikufuna ngodya B.

`sin B = (8 × sin 30°) / 5 = 0.8`

Kakyuleta ikupatsani 53.1°. Koma kumbukirani kuti imangoyang'ana kumanja kwa wotchi. Ngodya ya m'thirayango ikhoza kukula mpaka kufupi ndi 180°, ndiye mnzake wa kumanzere, 180° − 53.1° = 126.9°, nayenso ali ndi sin ya 0.8. Muyeseni ngati akukwana: 30° kuphatikiza 126.9° ndi 156.9°, kutsala 23.1° ya ngodya C. Akukwana. Ndiye pali mathirayango awiri osiyana okhala ndi miyeso imene tapatsidwayi. M'yoyamba mbali c ili masentimita 9.93, m'yachiwiri ili 3.93.

Mukhoza kuziona ndi maso. Jambulani ngodya ya 30°, muyeze masentimita 8 pa mwendo umodzi kuti mupeze C, kenako mutsegule kampasi masentimita 5, muibaye pa C n'kuzunguliza. Idula mwendo winawo malo awiri.

Kuti musankhe, yang'anani chithunzi cha funso kapena mawu ake. Ngati B yajambulidwa yotambasuka kuposa 90°, yankho ndi 126.9° ngakhale kakyuleta inene 53.1°. Ine ndimalangiza kuti ngati mbali zonse zitatu zikudziwika, ngodya yaikulu muziipeza ndi lamulo la cos, osati la sin. Mpanda wa arccos, 0° mpaka 180°, ukukwanira ngodya iliyonse imene thirayango ingakhale nayo, choncho palibe yobisala. M'thirayango yachiwiri ija, ya mbali 5, 8 ndi 3.93, cos B imatuluka pafupifupi −0.6, ndipo arccos yake ndi 126.9° mwachindunji.

## Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kufafaniza arcsin ndi sin ngati manambala a m'fulakishoni. Kufafanizaku kumayenda bwino mbali imodzi yokha. sin(arcsin y) imabweza y nthawi zonse, malinga y ili pakati pa −1 ndi 1, chifukwa mukupeza ngodya ya msinkhu wina kenako n'kufunsanso msinkhu womwewo. Koma arcsin(sin x) imabweza x pokhapokha x ili mkati mwa mpanda. Yang'anani kaye chomwe chili mkati mwa bulaketi ndi chomwe chili kunja.

Kuyesa sin⁻¹ ngati 1 kugawa ndi sin. Ka −1 kapamwambako kamasocheretsa, poti pa nambala wamba 2⁻¹ ndi theka. Apa sikatanthauza zimenezo. sin⁻¹ ya 0.5 ndi ngodya, 30°, pomwe 1 kugawa ndi sin 30° ndi nambala wamba, 2. Ndi chifukwa chake m'malangizo ano ndakonda kulemba arcsin.

Kulimbana ndi kakyuleta ikalemba `Math ERROR`. Mukaika 1.2 mu sin⁻¹, ikana, chifukwa muvi wotalika 1 sungafike msinkhu wa 1.2. M'funso la thirayango, izi zimatanthauza kuti mwasemphanitsa mbali pogawa, kapena thirayangoyo kulibe. Pa chitsanzo chathu chija, mbali a ikanakhala 3 m'malo mwa 5, sin B ikanatuluka 1.33, ndipo kampasi yotsegulidwa masentimita atatu sikanaufika n'komwe mwendo winawo.

Kuima pa yankho la kakyuleta pamene funso likufuna ngodya zonse. Kupeza arcsin ya −0.342 ndi funso lina, kupeza x yense wa pakati pa 0° ndi 360° amene sin yake ili −0.342 ndi funso linanso. Kakyuleta ipereka −20°, yomwe siili n'komwe m'malire a funso lachiwirili. Mnzake wa kumanzere ndi 180° − (−20°) = 200°, ndipo −20° yomweyo mukaiphatikiza 360° ikhala 340°. Mayankho ndi 200° ndi 340°.

Kugwiritsa mpanda wa arcsin pa arccos. Wophunzira amaona arcsin(−0.5) ili −30°, n'kuganiza kuti arccos(−0.5) ikhala −60°. Ili 120°, pa 11 koloko.

Kuiwala kuti kompyuta imawerenga m'marediyani. Mu Excel, `=SIN(150)` imapereka −0.715, osati 0.5, chifukwa yatenga 150 ngati marediyani. Muyenera kusintha polowa ndi potuluka pomwe:

```
=DEGREES(ASIN(SIN(RADIANS(150))))
```

Mzere umenewu ukubwezerani 30.